Lipoti la nkhani: kalata yotulutsira bambo wa zaka 67 amene ankachira chibayo

Lipotili likunena za kalata imodzi yotulutsira wodwala m'chipatala, imene inalembedwa kawiri m'mawa umodzi. Wodwalayo anali bambo wa zaka 67 amene anagona m'wodi mwathu masiku 6 chifukwa cha chibayo, ndipo potuluka anayenera kukapitiriza kuonedwa ku kiliniki imene amalandirirako kale mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Chithandizo cha chibayocho chinayenda monga mwa nthawi zonse, choncho ndichifotokoza mwachidule. Pamene ndichedwepo ndi pa kalatayo, chifukwa bambowa anatuluka ntchito zingapo zili m'njira, ndipo woti azimalize anali munthu amene sanawaonepo ali m'wodi. Dzina lawo ndi zina zowazindikiritsa ndazichotsa, ndipo masiku ndawatchula ndi maina a pa sabata, ngakhale kuti m'kalata yeniyeniyo tsiku lililonse linalembedwa ndi deti lake.

Mmene anabwerera ndi zimene tinachita

Bambowa anafika Lachinayi madzulo atadwala masiku 4. Thupi linkatentha, ankatsokomola, ndipo ankamva kubaya kumanja kwa chifuwa nthawi iliyonse akakoka mpweya. Anali atasuta fodya kwa zaka zoposa 40, ndipo kunyumba ankamwa metifomini wa miligalamu 500 kawiri pa tsiku chifukwa cha shuga, ndi enalapirili wa miligalamu 10 kamodzi pa tsiku chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Titawayeza tinapeza kutentha kwa madigiri 39.1, mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, akupuma ka 32 pa mphindi, magazi akuthamanga pa 96/58, ndipo okosijeni wa m'magazi, amene makina opana chala amamuonetsa ngati SpO2, anali 86 peresenti asanaikidwe pa mpweya. Mutu wawo unkagwira bwino. Pa muyeso wa CRB-65, umene umapereka mfundo imodzi pa kusokonezeka mutu, imodzi pa kupuma ka 30 kapena kuposa, imodzi pa kutsika kwa kuthamanga kwa magazi ndi imodzi pa zaka 65 kupita m'tsogolo, iwo anapeza mfundo 3, zimene zikutanthauza chibayo chachikulu chofunika kugonekedwa mwachangu.

Chithunzi cha m'chifuwa chinaonetsa kuti chigawo cham'munsi cha phapo lakumanja chayera, ndipo pansi pake panali timadzi pang'ono, timene pa sikani sitinafike sentimita imodzi kuchindikala, kotero sitinatipope. Kachilombo ka edzi sikanapezeke. Chimene chinatidetsa nkhawa kunja kwa mapapo ndi impso, pakuti kiriyatinini, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera impso zikafooka, anali 168, pamene m'buku lawo la ku kiliniki munalembedwa 88 miyezi 8 m'mbuyomo. Tinawaika pa mpweya, tinawapatsa madzi a mu diripi, ndipo tinayamba mankhwala opha mabakiteriya, sefitiriyakisoni wa magalamu 2 kamodzi pa tsiku kudzera m'mtsempha, pamodzi ndi azitiromayisini wa miligalamu 500 kwa masiku 3. Usiku womwewo tinaimitsa enalapirili ndi metifomini. Kutentha kunatha Loweruka usiku, mpweya tinawachotsera Lolemba m'mawa, ndipo tsiku lomwelo, atalandira majakisoni 4, tinawasinthira ku amokisisilini wakumwa wa galamu imodzi katatu pa tsiku.

Pali chinthu china chimene chinatulukira mochedwa. Lamlungu mwana wawo wamkazi anauza namwino kuti bambo ake anayamba kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku pafupifupi mwezi wathunthu chibayochi chisanayambe. Makhololo oyamba amene tinatumiza anabwezedwa ndi a labotale chifukwa anali malovu okhaokha, choncho oyenera kuyezedwa chifuwa chachikulu anapita Lolemba, ndipo pofika Lachiwiri, tsiku lotuluka, zotsatira zake zinali zisanabwere.

Kalata yoyamba

Kalata yoyamba inalembedwa ndi dokotala wachinyamata amene anali kuphunzira ntchito m'wodi mwathu. Inali ya masamba awiri, ndipo tsamba limodzi ndi theka linali mbiri ya tsiku ndi tsiku, yokoperedwa mokhulupirika kuchokera m'failo, kuphatikizapo zotsatira zonse za magazi, zofunika ndi zosafunika zomwe. Gawo lonena za m'tsogolo linali mizere itatu yokha, yoti wodwala wachira, amwe amokisisilini masiku 7, apitirize mankhwala ake a nthawi zonse, ndipo akaonedwe ku kiliniki pakatha masabata awiri. Munalibe bodza m'kalatamo kupatula mawu akuti wachira, koma nditaiwerenga ndinamufunsa mnzangayo kuti ayerekeze kuti ndi iye ali ku kiliniki, kunja kuli mzere wa anthu, bambowa akhala patsogolo pake ndi pepalali, ndipo andiuze chimene angachite. Anaiwerenganso, kenako anati, “Adokotala, ndikanawapatsa mankhwala onse amene ankamwa kale.” Yankho limenelo ndi limene linatichititsa kuilembanso.

Ndinaona kuti vuto silinali ulesi, chifukwa mnzangayo anathera nthawi yambiri pa kalatayo. Iye analemba ngati akupereka umboni wa ntchito imene wodi yathu inagwira, pamene woilandira safuna umboni umenewo. Wa ku kiliniki amafuna kudziwa chimene wodwala anali nacho, mmene analili potuluka, chimene chasintha pa mankhwala ake, ndi ntchito imene yamugwera iye. Tinatenga mizere itatu ija umodziumodzi.

Masiku 7 kuyambira liti

Mawu akuti amwe amokisisilini masiku 7 angamveke m'njira ziwiri. Ife tinkatanthauza kuti chithandizo chonse cha mankhwala opha mabakiteriya chikhale cha masiku 7 kuwerengera Lachinayi, tsiku la jakisoni woyamba, kotero chinayenera kutha Lachitatu usiku. Koma wogawa mankhwala, kapena wodwala mwiniwake, akanawerenga masiku 7 kuyambira tsiku lotuluka, ndipo bambowa akanalandira mankhwala kwa masiku 12. Kwa munthu amene kutentha kunamuthera pa tsiku lachitatu ndipo alibe mafinya m'chifuwa, masiku owonjezerawo sawonjezera kuchira, koma amawonjezera mwayi wotsegula m'mimba, chinthu chimene impso zawo zofookazo sizikanachilandira bwino. Tinalemba dzina la mankhwala alionse, mlingo wake, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, kenako tinawerenga zimene zatsala. Popeza mlingo wa m'mawa wa Lachiwiri anamwera m'wodi, kunatsala kumwa kawiri tsikulo ndi katatu Lachitatu, kutanthauza makapisozi 10 a miligalamu 500, ndipo ndi okhawo amene anapatsidwa.

Tinalembamonso sefitiriyakisoni ndi azitiromayisini ngakhale anali atatha kale. Chifukwa chake n'chakuti wodwala akabwereranso ndi kutentha, funso loyamba la womuonayo limakhala lakuti walandirapo chiyani, ndipo akapanda kudziwa amangobwereza mankhwala omwewo. Magazi amene tinatenga tisanayambe jakisoni sanamere kachilombo kalikonse patatha masiku 5, ndipo tinalemba zimenezi m'chiganizo chimodzi, n'kuwonjezera kuti kachilombo koyambitsa chibayochi sikanadziwike. Zimenezi n'zofala, pakuti odwala chibayo ambiri magazi awo sameretsa kanthu, koma kusalemba kumasiya mnzako akuganiza kuti pali zotsatira zina zimene akuyenera kuzisaka.

Mankhwala amene tinaimitsa

Mzere woopsa kwambiri unali wakuti apitirize mankhwala ake a nthawi zonse. Pa tsiku lotuluka kiriyatinini anali atatsika kuchoka pa 168 kufika pa 151 Loweruka, kenako 134 Lolemba. Impso zinali kuchira koma zinali zisanabwerere mwakale. Enalapirili amachepetsa mphamvu imene magazi amasefedwera nayo mu impso, chinthu chimene chimateteza impso za munthu wa shuga pa nthawi ya mtendere, koma chimazipweteka pamene thupi lili ndi madzi ochepa ndipo kuthamanga kwa magazi kwatsika. Metifomini amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye zikafooka amaunjikana ndipo angathe kuchulukitsa asidi m'magazi, makamaka mwa munthu amene okosijeni wake ndi wochepa. Bambowa anali ndi mabotolo a mankhwala onse awiri kunyumba. Kalata yoyamba ikanawabwezera pa mankhwalawo usiku womwewo.

Komabe kungolemba kuti mankhwala aimitsidwa sikokwanira, ndipo ichi ndi cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri kuposa choyambacho. Wa ku kiliniki akaona kuti chipatala chachikulu chinaimitsa mankhwala popanda kunena chifukwa, amaopa kuwayambitsanso, poganiza kuti mwina pali china chimene sakuchidziwa, ndipo munthu amatha miyezi osamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi chifukwa cha vuto la impso limene linatha m'sabata imodzi. Choncho pa mankhwala alionse tinalemba chifukwa chowaimitsira, tinanena kuti ndi kwa kanthawi, ndipo tinatchula chimene chiyenera kuoneka kuti ayambidwenso.

Pa metifomini tinapempha kuti kiriyatinini ayezedwe Lolemba lotsatira, ndipo ngati wasiya kusinthasintha, eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi, ili 45 kapena kuposa, ndipo bambowa akudya ndi kumwa bwino, ayambirenso mlingo wawo wakale. Mnzanga uja anafunsa chifukwa chimene sitinawayambitsire pomwepo, pakuti pa kiriyatinini wa 134 eGFR inkatuluka pafupifupi 50. Funsolo linali labwino, ndipo madokotala ena akanayambitsadi. Ine ndinasankha kudikira chifukwa eGFR imadalirika pokhapokha kiriyatinini akakhazikika, komanso shuga wawo m'wodi ankayenda pakati pa 8 ndi 11 popanda mankhwala, kotero masiku 6 akudikira sakanawapweteka. Maganizo amenewa tinawalemba m'ziganizo ziwiri kuti wa ku kiliniki adziwe kuti chinali chisankho, osati kuiwala. Tinawonjezera kuti shuga akapitirira 15, kapena akayamba ludzu ndi kukodza pafupipafupi, asadikire Lolemba.

Pa enalapirili tinalemba kuti magazi ankathamanga pa 124/72 popanda mankhwala, ndiye panalibe chothamangira. Tinapempha kuti ayambidwenso kiriyatinini akabwerera pafupi ndi mlingo wawo wakale wa 88 ndipo kuthamanga kwa magazi kukafika pa 140/90, kuyambira pa miligalamu 5, kenako kiriyatinini ndi potaziyamu ayezedwe pakatha sabata imodzi kapena awiri. Nambala yakale ya 88 ndi imene imapereka tanthauzo ku manambala ena onsewo, ndipo m'kalata yoyamba munalibe, ngakhale munali zotsatira zoposa 30. Tinachenjezanso za mankhwala a ululu. Kubaya kwa m'chifuwa kunali kusanatheretu, ndipo n'zachibadwa kuti munthu apatsidwe ayibupulofeni kapena dayikilofenaki, amene akanabweza impso m'mbuyo, choncho tinalemba momveka kuti amwe parasitamolo yekha, galamu imodzi osapitirira kanayi pa tsiku.

Mawu akuti wachira

Munthu wotuluka m'chipatala atadwala chibayo amakhala atakhazikika, koma sanachire. Tisanatulutse wodwala timaona ngati kutentha kuli pa madigiri 37.8 kapena kutsikirapo, mtima sukupitirira 100, kupuma sikukupitirira 24, nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi ili 90 kapena kuposa, okosijeni ali 90 peresenti kapena kuposa popanda mpweya, ndipo munthuyo akudya komanso mutu ukugwira. Bambowa anakwanitsa zonsezi, koma m'chifuwa munkamvekabe kuthetheka pansi pa phapo lakumanja, ndipo pogogoda pamalopo pankamveka mogontha. Dokotala wa ku kiliniki amene wauzidwa kuti munthuyu wachira, akamva zimenezi ndi chomvetsera chake, ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti matenda abwerera, ndipo angayambitse mankhwala atsopano osafunika. Angathenso kulakwitsa mbali inayo, kuganiza kuti kugonthako n'kwakale pamene madzi akuchuluka.

Njira yopewera zonse ziwiri ndi kumupatsa poyerekezera. Tinalemba mmene bambowa analili m'mawa wa Lachiwiri: kutentha 36.9, popanda kutenthanso thupi kwa maola oposa 48, mtima 88, kupuma 20, okosijeni 94 peresenti atakhala pansi ndi 91 atayenda kuzungulira wodi, onsewo popanda mpweya kwa maola oposa 24. Mawu akuti popanda mpweya sayenera kusiyidwa, chifukwa 94 ya munthu amene ali pa mpweya ndi 94 ya munthu wopuma yekha ndi nkhani ziwiri zosiyana. Tinafotokoza malo enieni a kuthetheka, tinanena kuti kugontha kunali pansi penipeni basi, ndipo tinatchula timadzi tija ndi kuchindikala kwake. Kenako tinanena chimene chingasonyeze kuti zinthu zasokonekera: kutentha kobwerera pambuyo poti kunatha, kugontha kokwera m'mwamba, ululu wowonjezeka, kapena okosijeni wotsika pansi pa 90 atakhala. Zikatero chokayikira choyamba ndi mafinya ozungulira phapo, amene mapiritsi okha sawachiza, ndipo wodwalayo ayenera kubwezedwa kwa ife tsiku lomwelo kuti akajambulidwe ndi kupopedwa.

Tinaikamonso chiganizo chimodzi chonena za liwiro la kuchira, chimene chimathandiza wodwala ndi womuona yemwe. Kutentha kumayenera kukhala kutatha pofika sabata imodzi, kubaya ndi makhololo zimachepa kwambiri pofika masabata 4, chifuwa ndi phuma pofika masabata 6, pamene kutopa kumatha kukhalapo mpaka miyezi 3 kapena kuposa. Munthu wa zaka 67 amene akutsokomolabe pa sabata yachitatu, koma thupi silikutentha ndipo mphamvu zikubwerera, safunika mankhwala ena opha mabakiteriya.

Zotsatira zimene zinali zisanabwere

Za makhololo m'kalata yoyamba munalibiretu, osati chifukwa choiwala, koma chifukwa mnzangayo ankaganiza kuti cholembedwa m'kalata ndi chokhacho chimene chadziwika. Apa ndi pamene odwala ambiri amatayikira. Zotsatira zimafika ku wodi munthu atapita kale, bedi lake lili ndi wina, failo yapita kosungira, ndipo a ku kiliniki sangafunse za chinthu chimene sakudziwa kuti chinatumizidwa. Tinalemba kuti makhololo anatumizidwa Lolemba kukayezedwa chifuwa chachikulu pa makina a GeneXpert, tinafotokoza chifukwa chake, chimene ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, ndipo tinatchula munthu amene adzatsatire zotsatirazo. Munthuyo anali ine, ndi dzina langa ndi nambala ya foni ya ku wodi, ndipo ndinalonjeza kuimbira kiliniki pofika Lachisanu, zotsatira zikhale zotani. Ndinakana mawu akuti zotsatira zitsatiridwe, chifukwa chiganizo chotero chilibe mwini, ndipo aliyense wochiwerenga amaganiza kuti akunena mnzake.

Pa mfundo yomweyi tinawonjezera chenjezo limene ndimaliona kuti ndi lofunika kwa aliyense wokayikiridwa chifuwa chachikulu. Bambowa akapanda kupeza bwino, asapatsidwe sipulofulokisasini, levofulokisasini kapena ena a m'gulu limenelo nkhani ya chifuwa chachikulu isanathe. Mankhwala amenewa amafooketsa kachilombo ka chifuwa chachikulu moti munthu amaoneka ngati akuchira kwa kanthawi, matendawo amachedwa kudziwika, ndipo kachilomboko kamatha kuphunzira kulimbana nawo.

Ntchito yomaliza yopatsira kiliniki inali chithunzi chachiwiri cha m'chifuwa pakatha masabata 6 kuchokera tsiku lotuluka. Si wodwala chibayo aliyense amene amafunika kujambulidwanso, koma munthu wopitirira zaka 50 amene wasuta fodya nthawi yaitali amafunika, chifukwa chotupa cha khansa chikhoza kutseka njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo kuseri kwake, ndipo pa chithunzi choyamba chimabisika m'kuyera kwa chibayocho. Tinalemba chifukwa chimenechi poyera, pakuti pempho lopanda chifukwa ndi limene limayamba kusiyidwa ntchito ikachuluka. Tinanenanso kuti kujambula msanga sikuthandiza, popeza chithunzi chimachedwa kubwerera mwakale kuposa mmene munthu amachirira, makamaka mwa achikulire. Za kusiya fodya ndi za katemera wa chibayo ndi wa chimfine tinazitchula m'mzere umodzi, kuti zikakambidwe akapezako mphamvu.

Mmene kalata yachiwiri inaonekera

Kalata yachiwiri inakwana tsamba limodzi. Pamwamba, pambuyo pa dzina, zaka, masiku ogonekedwa ndi otuluka, ndi mawu oti sadana ndi mankhwala alionse odziwika, tinaika matenda m'chiganizo chimodzi: chibayo chachikulu cha chigawo cham'munsi cha phapo lakumanja, chotengedwa kunja kwa chipatala, chokhala ndi timadzi pang'ono, pamodzi ndi kufooka kwadzidzidzi kwa impso kumene kukuchira. Pansi pake pomwepo, mbiri isanayambe, tinaika zopempha kwa kiliniki, ndipo zinayamba motere: “Chonde muwaone Lolemba likudzali, osati pakatha masabata awiri. Muyeze kiriyatinini, potaziyamu, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi okosijeni. Enalapirili ndi metifomini taimitsa kwa kanthawi chifukwa cha impso, ndipo asamwe kufikira inu mutawauza. Zoyenera kuona musanawayambitse zili m'munsimu.” Mbiri ya m'wodi inatsika kufika pa ziganizo 5, ndipo pa zotsatira za magazi tinasiya zokhazo zimene wina adzaziyerekeze ndi zake.

Tsiku lokaonedwa tinalisintha chifukwa chimene chinkalamula nthawi sichinali chibayo koma impso ndi shuga wopanda mankhwala. Zidule za mawu tinazichotsa zonse kupatula zimene zimaoneka pa makina ndi pa mapepala a labotale, popeza chidule chimene wodi imodzi imachizolowera chimatha kutanthauza china kwina. Tisanasaine, tinayerekeza kalatayo ndi tchati cha mankhwala komanso ndi thumba limene wogawa mankhwala anakonza, ndipo m'thumbamo tinapezamo makapisozi 42, owerengedwa potsatira kalata yoyamba ija, amene tinawabweza n'kusiya 10.

Kenako namwino ndi ine tinakhala pansi ndi bambowa ndi mwana wawo. Ndinawauza kuti, “Bambo, mabotolo awiri amene muli nawo kunyumba muwaike padera, musawataye, koma musamwe mpaka a ku kiliniki atakuuzani Lolemba.” Namwino anawapempha kuti abwereze zimene amva, ndipo anabwereza bwino za makapisozi koma anati metifomini ayambiranso mawa, choncho tinafotokozanso ndi kulemba chizindikiro pa pepala lawo. Kalata imodzi tinawapatsa m'manja, ina tinaitumiza ku kiliniki tsiku lomwelo, chifukwa pepala loyenda ndi wodwala lokha limatha kunyowa, kutayika kapena kuiwalika.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Zotsatira za makhololo zinafika Lachinayi, zolembedwa MTB NOT DETECTED, kutanthauza kuti kachilombo ka chifuwa chachikulu sikanapezeke, ndipo ndinaimba foni monga ndinalonjezera. Ndinakumbutsa mnzanga wa ku kiliniki kuti kuyeza kamodzi sikutsekeratu nkhaniyo, ndipo ngati kuwonda ndi thukuta zipitirira chibayo chitatha, makhololo atumizidwenso. Lolemba bambowa anapita monga anauzidwira. Kutentha kunalibe, okosijeni anali 95 peresenti, kiriyatinini anali 101, ndipo magazi ankathamanga pa 132/80. Dokotala wa kumeneko anamva kuthetheka kuja, anakuyerekeza ndi zimene tinalemba, ndipo sanayambitse mankhwala ena. Metifomini anawayambitsanso tsiku lomwelo, enalapirili anadikira masabata awiri ena kufikira kuthamanga kwa magazi kutafika pa 146/90.

Masana a Lolemba limene anawaonalo, dokotala wa ku kiliniki uja anandiimbira foni ndi funso limene linandichititsa manyazi. Anati, “Adokotala, mwatiuza kuti tiyang'anire kuwonda, koma potuluka ankalemera makilogalamu angati?” M'kalata imene tinailemba mosamala chonchija munalibe kulemera kwa wodwala. Tinapereka poyerekezera pa mapapo, pa impso ndi pa kuthamanga kwa magazi, koma pa chizindikiro chenicheni chimene chinatikayikitsa chifuwa chachikulu ndi khansa sitinapereke nambala. Ndinakaitanitsa failo ndipo ndinapeza kuti namwino anawayeza Lolemba asanatuluke n'kulemba makilogalamu 58 pa tchati chake, chimene ife polemba kalata sitinachitsegule. Ku kiliniki anapeza 57.5, koma popeza masikelo anali osiyana, tinagwirizana kuti poyambira pakhale nambala ya sikelo ya ku kiliniki, ndipo aziyezedwa pa sikelo yomweyo masabata awiri alionse.

Pa sabata ya 6 ankalemera makilogalamu 59.5, thukuta la usiku linali litasiya, ndipo chithunzi chachiwiri chinaonetsa kuti phapo labwerera mwakale, madzi atha, ndipo palibe chotupa chooneka. Kiriyatinini, woyezedwa patatha masiku 10 chiyambireni enalapirili, anali 96, ndipo potaziyamu anali 4.6. Fodya anali atachepetsa koma asanasiye, ndipo nkhani imeneyo inatsala m'manja mwa a ku kiliniki. Pa fomu yathu yotulutsira odwala tinawonjezerapo mzere wa kulemera kwa thupi, pafupi ndi mzere wa okosijeni.